Kalata ya ngongole ya nyumba yafika: mafunso ndi mayankho musanasaine

Banki ikavomera kukubwerekani ndalama zogulira nyumba, imakulemberani kalata yomwe ambiri timangoitchula kuti ofa leta. Imakhala ya masamba angapo, ya Chingerezi cha maloya, ndipo kumapeto kwake kumakhala posainira ndi tsiku lomwe kalatayo ithere mphamvu. Ambiri amangoona nambala imodzi, ya ndalama zomwe banki yavomera, basi n'kutulutsa cholembera. Koma m'kalatamo muli zinthu zinayi zolumikizana: dipoziti, mtundu wa chiwongoladzanja, mtengo womwe banki yaika pa nyumbayo, ndi chindapusa cha kubweza ngongole nthawi isanakwane.

Kuti tisamangoyankhula za m'malere, titsata chitsanzo chimodzi kuyambira pano mpaka kumapeto. Nyumba ya zipinda zitatu zogona, ya mpanda wa njerwa, cha ku Kamuzu Road ku Salima, mwini wake akufuna K60 miliyoni. Manambala a chitsanzochi ndi ongoyerekeza. Inu muchotse athuwa muikepo a m'kalata yanu.

Ndinagwirizana ndi mwini nyumba K60 miliyoni, koma kalata ikuti banki ipereka K40 miliyoni. Alakwitsa?

Sanalakwitse, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amagwa mphwayi. Tinene kuti pamene mumafunsa koyamba anakuuzani kuti banki imapereka 80 peresenti, inu mupeze 20 peresenti yotsalayo. Inu munawerengera pa K60 miliyoni, munapeza kuti dipoziti yanu ndi K12 miliyoni, ndipo mwina munagulitsa ng'ombe kapena galimoto kuti ikwane. Banki siwerengera choncho. Imatenga mitengo iwiri, womwe mwagwirizana ndi wogulitsa ndi womwe katswiri wake woyeza mitengo ya nyumba walemba, n'kusankha wocheperapo. Katswiriyo akalemba K50 miliyoni, 80 peresenti ya banki ndi K40 miliyoni.

Mwini nyumba sanasinthe maganizo, akufunabe K60 miliyoni yake. Ndiye kuti zotuluka m'thumba mwanu si K12 miliyoni ayi, ndi K20 miliyoni. Kusiyana kwa K8 miliyoni kumeneku sikulembedwa paliponse m'kalata ngati nambala payokha. Mumakupeza nokha mukachotsa ndalama za banki pa mtengo wa wogulitsa, kenako n'kuchotsanso K12 miliyoni ija. Chitani masamu amenewa tsiku lomwelo kalata yafika, musanauze aliyense kunyumba kuti zatheka.

Ndiye dipozitiyo ndimapereka kwa ndani, ndipo liti?

Kalata imanena. Mabanki ena amafuna kuti ndalamazo zikhale mu akaunti yanu ya kubanki komweko, ena amafuna umboni woti zaperekedwa kwa loya yemwe akuyendetsa za kusintha umwini. Chomwe banki ikufuna kuona n'chakuti gawo lanu lilipodi isanatulutse lake.

Vuto limabwera ndi wogulitsa wapachangu, uja amati muyambe mwaponya kaye kangachepe kuti asagulitse kwa wina wa ku Lilongwe amene akuti akuimba foni tsiku lililonse. Mukampatsa K12 miliyoni pamanja, kenako katswiri wa banki n'kulemba K50 miliyoni, inu n'kulephera kupeza K8 miliyoni yowonjezera, mudzapezeka mukupempha kuti akubwezereni ndalama zomwe iye wagulira kale simenti ya nyumba yake ina. Njira yabwino ndi yoti dipoziti isungidwe ndi loya, ndipo m'pangano la kugulitsana mulembedwe momveka kuti ngongole ikapanda kutuluka kapena ikatuluka yochepera pa ndalama zakutizakuti, ndalama zanu zibwezedwa zonse. Wogulitsa wokana mawu amenewa mumuganizire kawiri.

Kupatula dipoziti, pali zina zoti ndilipire nyumba isanakhale yanga?

Zilipo, ndipo nthawi zambiri sizilowa mu ngongole. Pali ndalama zomwe banki imadula pokonza ngongoleyo, malipiro a katswiri woyeza mtengo, a loya wosintha umwini ndi wolembetsa chikole cha banki pa chikalata cha malo, msonkho wa sitampa ku boma, inshulansi ya nyumba ndi inshulansi ya moyo wanu. Onetsetsani chinthu chimodzi: kodi ndalama za banki zokonzera ngongole mulipira padera, kapena azidula pa K40 miliyoni ija? Akadula pomwepo, wogulitsa alandira zosakwana, ndipo kusiyanako kubwerera kwa inu. Pemphani kuti akulembereni zonsezi papepala limodzi, chilichonse ndi mtengo wake mu makwacha.

Katswiriyu amaona chiyani kuti nyumba yooneka bwino chonchi aiike pa K50 miliyoni?

Wogulitsa ndi katswiri amayankha mafunso osiyana. Wogulitsa amawerengera zomwe analowetsa: matumba a simenti, malata, matailosi, mpanda, thanki ya madzi, kuphatikizapo kuvutika kwake. Katswiri amafunsa kuti nyumba zofanana ndi iyi, dera lomweli, zagulidwa pa ndalama zingati posachedwapa. Amayeza kukula kwa nyumba ndi kwa puloti, amayang'ana ming'alu m'makoma, denga, msewu wofikira pakhomo nyengo ya mvula, madzi ndi magetsi, ngati nyumbayo inamangidwa motsata pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, ndiponso zaka zomwe zatsala pa lizi.

Kuno kunyanja kuli zina zapadera. Salima ndi malo athyathyathya, ndipo pali madera omwe madzi amadikha mvula ikachuluka. Mzere wa chinyontho m'munsi mwa khoma, ngakhale mwini atapaka penti watsopano, katswiri amauona. M'chaka cha 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, ndipo chaka chomwecho madzi osefukira anasowetsa anthu pokhala ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Nyumba ya ku Senga Bay yomwe mwini wake amaikweza mtengo chifukwa khonde lake limayang'ana nyanja, banki ikhoza kuiona ngati chikole chomwe chili pangozi.

China n'chakuti ogula nyumba za K60 miliyoni ku Salima kapena pa boma la Nkhotakota si ambiri ngati ku Lilongwe. Nyumba yomweyo itanyamulidwa n'kuikidwa ku Area 47 ikhoza kupeza wogula msanga. Kuno imatha kukhala miyezi ili ndi chikwangwani pageti, ndipo banki imadziwa zimenezo.

Mu lipoti la katswiri muli mitengo itatu. Wanga ndi uti?

Woyamba ndi mtengo wa pamsika, womwe nyumbayo ingagulidwe wogulitsa ndi wogula onse asakuthamangitsidwa ndi chilichonse. Wachiwiri ndi mtengo wogulitsira mokakamizidwa, womwe banki ingapeze italanda nyumbayo n'kuigulitsa mwachangu, ndipo umakhala wotsika. Wachitatu ndi mtengo womangiranso nyumbayo itapsa kapena kugwa, womwe a inshulansi amagwiritsa ntchito. Umenewu ukhoza kuposa wa pamsika chifukwa umatsata mitengo ya zipangizo ya lero.

Funsani banki kuti 80 peresenti yake yaiwerengera pa mtengo uti. Ikawerengera pa wachiwiri uja, dipoziti yanu ikukwera kuposa momwe tawerengera pamwambapa. Ndipo pemphani kope la lipotilo. Mwalipira ndinu.

Kodi ndingatsutse mtengo womwe katswiri walemba?

Mungathe, koma kungonena kuti wachepetsa sikuthandiza. Werengani lipotilo mzere ndi mzere. Kodi kukula kwa puloti kukugwirizana ndi komwe kuli pa chikalata? Kodi nyumba ya antchito ya kuseri waiwerengera? Kodi nyumba zomwe wafananitsa nazo zilidi m'dera lanu, kapena watenga za ku Chipoka pomwe yanu ili pakati pa tawuni? Mukapeza cholakwika chogwirika chotere, lemberani banki kuti aonenso. Mukhozanso kupempha katswiri wachiwiri, koma akhale wa pa mndandanda wa banki yomweyo, apo ayi lipoti lake saliwerengera, ndipo malipiro ake ndi anu.

Ine ndimaona kuti kawirikawiri lipoti lotsika ndi mnzanu, osati mdani. Munthu wosakhudzidwa ndi malondawo wanena kuti mukufuna kulipira K10 miliyoni yopitirira. Litengeni mupite nalo kwa wogulitsa. Wogula wina aliyense wodzera ku banki adzakumana ndi nambala yofanana nayo, ndipo wogulitsa akamvetsa zimenezi nthawi zambiri amatsika. Akatsika kufika pa K54 miliyoni, banki ipereka K40 miliyoni yomwe ija, inu mupeze K14 miliyoni m'malo mwa K20 miliyoni.

Malo ndili nawo ndi kalata ya a mfumu. Banki ilandira?

Pa ngongole ya mtundu uwu, kalata ya a mfumu payokha siikwanira. Banki imafuna chikalata cholembetsedwa ku Unduna wa za Malo, chomwe ingalembetsepo chikole chake, monga lizi, yomwe pa malo okhala kawirikawiri imakhala ya zaka 99. Malo ambiri m'maboma athu a Salima ndi Nkhotakota ndi a makolo, ndiye nkhaniyi ndi yofunika kuitsimikiza musanalipire katswiri. Loya akafufuze ku kaundula wa malo kuti dzina lili pa chikalata ndi la wogulitsayo, kuti nyumbayo sinaikidwe kale chikole kwina, ndiponso kuti renti ya malo ya ku boma ilibe ngongole. Pa ofa leta, nambala ya puloti ndi ya chikalata zifanane ndendende ndi zomwe zili pa chikalatacho.

Tibwere pa chiwongoladzanja. Ndidziwa bwanji ngati changa n'chokhazikika kapena chosinthasintha?

Pezani ndime ya chiwongoladzanja, muone ngati nambala yaima yokha kapena yamangiriridwa ku ina. Ikakhala kuti yalembedwa ngati refarensi reti kuphatikiza 3 peresenti, n'chosinthasintha. Ngongole zambiri za nyumba m'dziko muno ndi zotere.

Refarensi reti ndi muyezo umodzi womwe mabanki onse a m'Malawi amayambirapo poika chiwongoladzanja. Unayamba kugwira ntchito mu 2019, umawerengedwa mwezi ndi mwezi, ndipo mabanki amaulengeza m'nyuzipepala ndi pa masamba awo. Umatsamira kwambiri pa mtengo womwe Reserve Bank of Malawi imabwereketsera mabanki, choncho banki yaikuluyi ikakweza, nawonso umakwera. Pamwamba pake banki yanu imaikapo gawo lake, lomwe limadalira momwe ikuonerani: ntchito yanu, mbiri yanu ya ngongole ku mabungwe osunga mbiri za obwereka, ndi kukula kwa dipoziti. Mu chitsanzo chathu tinene kuti refarensi reti ndi 25 peresenti, gawo la banki ndi 3, zonse pamodzi 28 peresenti pachaka.

Pa manambala awiriwa, woyamba simungakambirane chifukwa si wa banki yanu yokha. Wachiwiri mungakambirane, ndipo nthawi yake ndi ino, musanasaine. Muonenso ngati kalata ikupatsa banki ufulu wosintha gawo lakelo mtsogolo. Kukwera limodzi ndi refarensi reti n'kwachidziwikire, koma banki kumakwezanso gawo lake pomwe yafunira ndi nkhani ina, ndipo ndi bwino kupempha kuti alembe kuti gawolo silisintha mpaka ngongole ithe.

Samalaninso ndi chokhazikika cha kanthawi. Kalata ikhoza kunena kuti chiwongoladzanja sichisintha kwa zaka ziwiri, kenako chitsata refarensi reti. Funsani kuti zaka ziwirizo zikatha, gawo la banki lidzakhala lingati. Ngati ngongole yanu ndi ya mgwirizano wa banki ndi kampani yomwe mukugwirako ntchito, funsaninso chomwe chidzachitike mukadzasiya ntchito, chifukwa chiwongoladzanja chotsikacho nthawi zambiri chimathera pa geti la kampani.

Pa 28 peresenti ndizilipira zingati pamwezi, ndipo zikakwera zisintha bwanji?

Pa K40 miliyoni ya zaka 15, muzilipira pafupifupi K948,000 pamwezi. Chofunika kumvetsa ndi komwe ndalamazo zikupita. Chiwongoladzanja cha mwezi chimawerengedwa motere:

```
ngongole yotsala × chiwongoladzanja cha pachaka ÷ 12
40,000,000 × 0.28 ÷ 12 = 933,333
```

Ndiye kuti mwezi woyamba, pa K948,000 yomwe mwalipira, K933,000 ndi chiwongoladzanja, ndipo ngongole yeniyeniyo yatsika ndi K15,000 yokha. Zili ngati kupalasa bwato kulimbana ndi mwera: mikono ikuwawa koma gombe silikuyandikira. Zinthu zimayamba kuyenda m'zaka zakumapeto.

Refarensi reti ikakwera ndi 2, inu kufika pa 30 peresenti, malipiro a mwezi afika pafupifupi K1,012,000, kukwera ndi K64,000. Ikatsika ndi 2, atsikira cha pa K885,000. Kusuntha kwa 2 n'kochepa poyerekeza ndi zomwe taona kale. Kumayambiriro kwa 2022, muyezo wa Reserve Bank unali 12 peresenti. Pofika mu February 2024 unali 26 peresenti, ndipo pakati pomwepa kwacha inagwetsedwa mphamvu kawiri, ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Kuti muone kulemera kwake, K40 miliyoni yomweyi pa 16 peresenti imafuna pafupifupi K587,000 pamwezi, pomwe pa 30 peresenti imafuna kupitirira K1 miliyoni. Malipiro a kuntchito sakwera liwiro limenelo.

Choncho musangofunsa ngati mukwanitsa K948,000. Pemphani a ku banki akuwerengereni malipiro a mwezi chiwongoladzanja chitakwera ndi 3, komanso chitakwera ndi 5, kenako muone ngati panyumba padzatsale ya fizi ndi ya ndiwo.

Ndisankhe chokhazikika ngati andipatsa mwayi?

Zimadalira pomwe chiwongoladzanja chili pa nthawiyo. Kukhazikitsa pamene chili pamwamba ndiye kuti chikadzatsika anzanu adzapuma inu mukulipirabe chakale, ndipo ngongole zokhazikika ndi zomwe kawirikawiri zimakhala ndi chindapusa cholemera mukafuna kutulukamo. Kukhazikitsa pamene chili pansi n'kwanzeru, koma ndi nthawi yomwenso banki imaika nambala yokwererapo kuti idziteteze. Munthu amene malipiro ake angokwanira ndendende, amene K64,000 yowonjezera ingamugwetse, ndi amene chokhazikika chimamuthandiza kwambiri.

Bwanji ndingotalikitsa zaka kuti za pamwezi zichepe?

Chiwongoladzanja chikakhala chokwera chonchi, kutalikitsa zaka sikupepukitsa kanthu. Pa zaka 20 muzilipira pafupifupi K937,000, kusiyana ndi K948,000 ya zaka 15. Mwapulumutsa K11,000 pamwezi, koma mwadziwonjezera miyezi 60 yolipira. Zonse pamodzi mudzapereka pafupifupi K225 miliyoni m'malo mwa K171 miliyoni.

Tembenuzani nkhaniyo. Pa zaka 10 muzilipira pafupifupi K996,000, kuwonjezera K48,000 yokha pamwezi, ndipo zonse pamodzi zikhala cha pa K120 miliyoni. K48,000 ya pamwezi ikukupulumutsirani pafupifupi K51 miliyoni. Kalata ikabwera ndi zaka 15 kapena 20, funsani kuti akuwerengereninso pa zaka 10 muone. Ichi ndi chifukwa chakenso ndime ya kubweza msanga ili yofunika kwambiri kuno kwathu kuposa m'maiko omwe chiwongoladzanja chawo n'chotsika.

N'chifukwa chiyani banki ingandilipitse chindapusa pobweza ngongole msanga? Si zabwino kwa iwo?

Phindu la banki lili pa chiwongoladzanja cha zaka zomwe munagwirizana. Mukabweza chaka chachisanu, cha zaka khumi zotsalazo chapita. Si ngongole zonse zili ndi chindapusa chotere, ndipo pomwe chilipo sichilembedwa mofanana. Ndimeyi siikhala pa tsamba loyamba. Kawirikawiri imakhala mkati, nthawi zina m'chikalata china cha malamulo a ngongole chomwe ofa leta imangochitchula. Ngati kalata ikutchula chikalata chomwe simunapatsidwe, chipempheni, chifukwa posaina mukuvomera ndi za m'menemo zomwe.

Ndiwerengera bwanji chindapusacho?

Yambani ndi ngongole yotsala. Mu chitsanzo chathu, chiwongoladzanja chitakhala pa 28 peresenti osasuntha, pakatha zaka zisanu mwalipira pafupifupi K57 miliyoni, koma ngongole yotsala ndi pafupifupi K38.1 miliyoni. Ambiri sakhulupirira akaiona nambala imeneyi koyamba, koma ndi masamu aja a K15,000 ya mwezi woyamba.

Tsopano onani momwe ndime yanu yalembedwera. Ikati 3 peresenti ya ngongole yotsala, chindapusa ndi pafupifupi K1.14 miliyoni. Ikati 3 peresenti ya ngongole yomwe munatenga poyamba, ndi K1.2 miliyoni, ndipo sichitsika ngakhale mutatsala ndi chaka chimodzi. Ikati chiwongoladzanja cha miyezi itatu, ndi pafupifupi K2.67 miliyoni, kuposa kawiri zinazo, ngakhale kuti poiwerenga imamveka yofatsa. Palinso ndime yomwe imati mudziwitse banki mwa kalata miyezi ingapo musanabweze, ndipo mukatero palibe chindapusa, mukapanda kutero mulipira chiwongoladzanja cha miyeziyo. Imeneyi ndi yosavuta kuipewa bola mukuidziwa: mukangoyamba kuganiza zogulitsa nyumba kapena kubweza zonse, lembani kalatayo, musunge kope lodindidwa.

Funsaninso ngati chindapusacho chili ndi malire a zaka. Ndime yoti chigwira ntchito zaka zitatu zoyambirira zokha ndi yosiyana kwambiri ndi yoti chikhalapo mpaka mapeto. Ndipo kumbukirani kuti kubweza msanga sikutanthauza kupeza ndalama zambiri kokha. Kugulitsa nyumbayo chifukwa akusamutsirani ku Mzuzu ndi kubweza msanga. Kusamutsira ngongole ku banki ina yomwe yakupatsani chiwongoladzanja chotsika ndi kubweza msanganso.

Ine sindingabweze zonse kamodzi, koma ndikagulitsa mpunga kapena nzimbe ndimapeza ndalama zambiri nthawi imodzi. Ndingaponye zina?

Funso limeneli ndi lomwe limakhudza anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja muno, mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu, wa nzimbe wa ku Dwangwa, kapena wa loji amene amakolola nyengo ya tchuthi. Muone zinthu zitatu m'kalata: ngati kuponya zowonjezera n'kololedwa, ngati kuli ndi chindapusa kapena malire a ndalama pachaka, ndi chomwe banki idzachite nazo ndalamazo.

Tinene kuti chaka chachisanu chija mwaponya K5 miliyoni. Chiwongoladzanja cha mwezi chitsika ndi pafupifupi K117,000. Ngakhale patakhala chindapusa cha 3 peresenti pa ndalama zomwe mwaponyazo, ndi K150,000, yomwe ibwerera miyezi iwiri isanathe. Mukapitiriza kulipira K948,000 yomwe ija pamwezi, miyezi 120 yomwe inatsala itsikira pa miyezi pafupifupi 73. K5 miliyoni yadula pafupifupi zaka zinayi. Ndiye chindapusa chisakuopsezeni kubweza msanga. Chiwerengereni, muchifananitse ndi chiwongoladzanja chomwe mupulumutse.

Koma pali msampha. Mukangoika ndalamazo mu akaunti yanu yomwe banki imadulako mwezi ndi mwezi, zikhoza kungokhala pomwepo, banki n'kumatapa K948,000 mwezi uliwonse ngongole ili chikhalire. Lembani kalata yonena kuti ndalamazo zichotsedwe pa ngongole yeniyeniyo, ndipo munene chomwe mukufuna: kuchepetsa zaka kapena kuchepetsa za pamwezi. Kuchepetsa zaka ndi komwe kumapulumutsa zambiri. Pakatha mwezi pemphani sitetimenti. Ngongole yotsala ikhale itatsika ndi K5 miliyoni, ndipo chiwongoladzanja cha mwezi wotsatira chikhale chocheperapo. Ngati sizinasinthe, ndalama zanu sizinafike pomwe munazituma.

Nanga ndikachedwa kulipira mwezi umodzi?

Pali ndime yake, ya chiwongoladzanja cha chilango. Muone ngati chimawerengedwa pa ndalama za mwezi womwe mwachedwawo kapena pa ngongole yonse, chifukwa kusiyana kwake n'kwakukulu. Muonenso tsiku lodula. Ngati malipiro anu amalowa pa 27 koma banki ikufuna kudula pa 25, muzichedwa mwezi uliwonse musanalakwe kanthu. Pemphani asinthe tsikulo musanasaine.

Ndapeza zomwe sindikugwirizana nazo, koma kalata ikutha mphamvu posachedwa. Nditani?

Lembani mafunso anu, mukawapereke ku nthambi yomwe mukutengako ngongole, ndipo mupemphe kuti tsiku lothera mphamvu alisunthe pamene mukudikira yankho. Zambiri za ngongole za nyumba zimagamulidwa ku likulu la banki, osati pa nthambi ya ku Salima kapena Nkhotakota, ndiye yankho limatenga masiku. Wa pa desiki akakuuzani kuti chindapusacho amangolemba koma sadula, muyankheni mwaulemu kuti: "Zikomo bwana, ndiye tangondilemberani zomwezo m'kalatamu." Wa pa desikiyo adzasamutsidwa, koma kalata idzatsala m'faelo, ndipo ndi yomwe idzawerengedwe mukadzasemphana.

Chilichonse chomwe mwagwirizana chibwere mu ofa leta yatsopano kapena m'kalata yowonjezera yosainidwa ndi banki. Musadule kapena kulemba ndi cholembera pa yakaleyo. Ngati n'kotheka, pezani loya wanu akuwerengereni, chifukwa loya amene banki yasankha kuti alembetse chikole akugwirira ntchito banki ngakhale mukumulipira ndinu. Mukadzasemphana ndi banki ngongole ili mkati, dandaulo limayamba ku banki komweko mwa kalata, ndipo likapanda kutheka limapita ku Reserve Bank of Malawi, komwe kuli ofesi yoyang'anira mabanki ndi kumva madandaulo a makasitomala awo.

Ndikamaliza kubweza, chikalata cha nyumba chimabwera chokha?

Ayi. Musanalipire komaliza, pemphani kalata yonena ndalama zonse zotsekera ngongole pa tsiku lomwe mwasankha, chifukwa chiwongoladzanja chimawerengedwa tsiku ndi tsiku ndipo nambala ya pa sitetimenti ya mwezi watha siikwana. Mukalipira, banki imasaina chikalata chomasula chikole, ndipo chimenechi chiyenera kukalembetsedwa ku kaundula wa malo kuti dzina la banki lichoke pa nyumba yanu. Ntchitoyi ili ndi malipiro ake, ndipo ofa leta yomwe muli nayo m'manjayi imanena kale kuti adzalipire ndani.